Kuchoka ku Chirimba Kukafika ku Chichiri: Kalata Yolondolera Mwana Njira ya Kusukulu

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, dzina la mwana likapezeka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale, pakhomo pamalira nthungululu. Chimwemwecho chimatha masiku angapo, kenako pamabwera funso limene makolo ndi olera ana a m'tauni amalidziwa bwino: kodi mwanayu aziyenda bwanji? Sukulu ya pulaimale inali pafupi, ankangodutsa kuseri kwa nyumba za anthu n'kufika. Sekondale ili mbali ina ya mzinda, ndipo kuti akafikeko pali ulendo wapansi, minibasi ziwiri ndi msewu waukulu woti awoloke.

Titenge chitsanzo cha banja longa mabanja ambiri a mu Blantyre. Mtsikana wa zaka 13 akukhala ndi agogo ake aakazi ku Chirimba, ndipo wapeza malo a Fomu 1 pa sukulu ina ya m'dera la Chichiri. Agogowo miyendo inayamba kuvuta, m'tauni amapitako mwa apo ndi apo. Amene akuidziwa njira ndi amalume ake a mwanayo, omwe amakhala ku Bangwe ndipo sangathe kumuperekeza tsiku ndi tsiku. Iwowa ndiwo ayenera kulemba kalata yofotokozera mayi awo njira yonse, kuti gogoyo aziona ulendo wa mdzukulu wake m'maganizo ali khale pakhonde, adziwe nthawi yomudzutsa, ndalama zomupatsa, ndi ola loyambira kuda nkhawa akachedwa.

Ambiri akauzidwa kuti alembe kalata yotere amangoti: "Akwere ya m'tauni, kenako ya ku Limbe, atsike pa Chichiri." Mawuwa ndi oona, koma amathandiza munthu amene akuidziwa kale njirayo. Mwana amene sanayendepo yekha angasochere katatu m'chiganizo chimodzi chomwechi.

Amalume anzeru sayamba ndi cholembera. Amagona ku Chirimba usiku umodzi m'kati mwa sabata, n'kudzuka m'mamawa kuyenda njirayo pa ola limene mwana azidzayendera. Kuyesera njira Lamlungu masana n'kudzinamiza, chifukwa msewu umakhala wopanda anthu, minibasi zimabwera zopanda kanthu, ndipo ulendo umaoneka waufupi. Lolemba m'mawa pa siteji yomweyo pamakhala khamu la anthu opita kuntchito, minibasi zochokera ku Lunzu ndi ku Chileka zimadutsa zitadzaza kale, ndipo pamene imodzi yaima, akuluakulu amakankhana pakhomo mwana wa yunifolomu n'kutsalira m'mbuyo. Mphindi zodikira pa siteji ndizo zimene zimachedwetsa ana ambiri, osati kutalika kwa msewu. Komanso poyenda pansi amalumewo ayenera kuchepetsa liwiro. Pamene bambo wamkulu amayenda mphindi 10, mtsikana wonyamula chikwama cha makope, atavala nsapato zatsopano zomwe zikumuluma, amatha mphindi 15.

Gawo loyamba la kalata ndi la ulendo wapansi, ndipo apa m'pamene luso la wolemba limaonekera. M'makomboni mwathu tinjira tilibe mayina, nyumba zambiri zilibe manambala oonekera kunsewu, choncho njira imalondoleredwa ndi zinthu zimene maso akuona. Koma si chizindikiro chilichonse chimene chingadaliridwe. Mayi wogulitsa mandasi pa mphambano sakhalapo tsiku lililonse. Okala yopaka utoto wachikasu mawa ikhoza kupakidwa wofiira kampani ina ya mafoni ikabwera ndi malonda ake. Mulu wa njerwa umasanduka nyumba. Zimene zimakhalitsa ndi tchalitchi, mzikiti, chigayo, kiyosiki ya madzi, mlatho, manda, mtengo waukulu wa mango. Chigayo chili ndi ubwino wina, chimamveka ngakhale munthu asanachione.

M'kalata ya amalume aja gawoli lingamveke motere:

"Amayi, akatuluka pageti alowere kumanja, atsetsereke mpaka pa kiyosiki pamene mumatunga madzi. Asakhote pamenepo. Apitirire mpaka chigayo chikhale kudzanja lake lamanzere, ndiye akhotere kumanja n'kutsata njira yaikulu yodutsa galimoto mpaka kutulukira pa tala. Njira yachidule ya kudambo ija ndamuletsa, ngakhale anzake atamuitana."

Taonani kuti kalatayo ikutchula ngakhale malo amene mwana sayenera kukhota. Ikunenanso dzanja limene chigayo chikhale, chifukwa "kumanja" kumasintha malinga ndi kumene munthu wayang'ana. Wolemba akangoti "chigayo chili kumanja" osanena kuti ukuchokera kuti, pobwerera madzulo mwana adzachifuna mbali yolakwika.

Nkhani ya njira yachidule ndi yofunika kuikhalira pansi. Sukulu zimatsegulira chaka mu Sepitembala, nthawi ya fumbi, pamene timitsinje ta mu Blantyre timakhala tongodumpha. Pofika Disembala ndi Januwale madzi ochokera m'mapiri amatsika mwamphamvu, ndipo ngalande imene mwana ankaidumpha ndi mwendo umodzi imasanduka mtsinje m'mphindi zochepa mvula ikagwa kumtunda. Anthu a mumzindawu sadzaiwala Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena. Mwana amene wazolowera njira ya kudambo kwa miyezi iwiri sadzaisiya tsiku la mvula, makamaka akaona kuti wachedwa. N'chifukwa chake kalata yabwino imasankha njira imodzi yoyendeka chaka chonse, ngakhale ikhale yozungulira, ndipo imanena mosabisa chifukwa chake.

Mwana akatulukira pa tala, pamabwera funso limene akuluakulu saliganizira n'komwe chifukwa miyendo yawo inazolowera: aime mbali iti ya msewu? Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndipo chitseko cha minibasi chimatsegukira kumanzere komweko. Yopita m'tauni imaima tsidya limodzi, yochokera m'tauni tsidya linalo. Ndiye kuti pa siteji iliyonse mwana adzawoloka msewu kamodzi pa tsiku, kaya m'mawa kaya madzulo, palibe kuchitira mwina. Kalata inene kuti ndi liti, ndi pamalo pati. Msewu wodutsa ku Chirimba ndi womwe umatuluka mumzinda kulowera ku Kameza, ku Lunzu mpaka ku Zalewa, ndipo mumayenda mathiraki olemera amene sangaime mwadzidzidzi. Mwana ayang'ane kumanja kaye, chifukwa galimoto ya mbali yomwe waima imachokera kumeneko, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Ndipo asawoloke kutsogolo kwa minibasi imene wangotsikamo. Minibasiyo imamubisa kwa dalaivala amene akuipitirira, komanso masiku ano njinga zamoto za kabaza zimatulukira paliponse, ngakhale m'mphepete moyenda anthu. Adikire minibasi ichoke, msewu uoneke wonse.

Tsopano za minibasi zenizenizo. Minibasi za mu Blantyre zilibe manambala a njira, ndipo kachikwangwani koikidwa pagalasi sikanena zonse. Chimene chimauza munthu kumene galimoto ikupita ndi pakamwa pa kondakitala ndi anyamata oitanira. Choncho kalata ilembe mawu enieniwo amene mwana adzawamve akukuwidwa, osati mayina a pa mapu. Pa mapu pali msewu wa Masauko Chipembere, koma pa siteji aliyense amangoti Haiwe. Chipatala cha Queen Elizabeth agogo amachidziwa kuti Gulupu, pamene kondakitala amati Kwinzi. Sukulu ya ukachenjede imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, m'minibasi ikadali Pole. Amalume akalemba dzina limodzi lokha, gogo ndi mdzukulu akhoza kumakamba za malo amodzi osamvana, choncho ndi bwino kulemba onse awiri.

Kuchoka ku Chirimba, minibasi imadutsa Chemusa ndi Mbayani, kenako pa Kandodo Kona Shopu, n'kutsikira m'tauni chaku Wenela. Kumeneko mwana amasintha, kukwera ya ku Limbe. Msampha woyamba uli pomwepa, chifukwa si minibasi iliyonse ya ku Limbe imene imadutsa pa Chichiri. Zina zimalunjika pa Haiwe, zina zimazungulira m'makomboni monga ku Zingwangwa n'kukatulukira ku Limbe mbali ina. Kondakitala amene akufuna kudzaza galimoto akafunsidwa kuti "Ya ku Limbe?" adzayankha kuti eya, ndipo sananame. Funso loyenera, limene kalata imuphunzitse mwana kulifunsa asanaponde pakhomo, ndi lakuti: "Ikudutsa Haiwe? Nditsika pa Chichiri." Afunse mokweza kuti okwera ena amve, chifukwa kondakitala akayankha mokhotetsa pamapezeka mayi wina m'katimo woti, "Iyayi mwanawe, iyi si imeneyo."

Ali m'kati, mwana amafunika zizindikiro zitatu zokha, ndipo kalata yochulukitsa pamenepa imasokoneza. Choyamba n'chomutsimikizira kuti wakwera yolondola: pasanapite nthawi aone raundabauti ya Ginnery Corner ndi chipatala cha Gulupu. Chachiwiri n'chomuuza kuti akonzeke: akadutsa pa Pole anyamule chikwama, auze kondakitala kuti "Wotsika pa Chichiri." Anene msanga, chifukwa mwana wokhala mpando wakumbuyo, wopanikizidwa pakati pa akuluakulu, wailesi ikulira, mawu ake safika kutsogolo kamodzi kokha. Ana ambiri a Fomu 1 amapitirira siteji yawo osati chifukwa sanaione, koma chifukwa anachita manyazi kukuwa.

Chizindikiro chachitatu ndicho chimene makalata ambiri amachiiwala, chonsecho n'chimene chimapulumutsa. Ndi chomuuza mwana kuti wapitirira. Amalume alembe kuti: "Akaona kuti Sitediyamu ya Kamuzu yatsala m'mbuyo, wadutsa pa chipilala cha ufulu chija, ndipo akumva kondakitala akutchula Maselema, adziwe kuti wapitirira. Asalire, asadumphe. Atsike pa siteji yotsatira, awoloke pamene pakuwolokera anthu ena, akwere yobwerera ku Blantyre." Mwana amene anauzidwiratu zimenezi amataya mphindi 20 ndi ndalama pang'ono. Amene sanauzidwe amakhala phee mpaka minibasi itafika ku Limbe, kumene phokoso la depoti ndi msika lingamusokoneze mutu munthu wamkulu amene.

Kwa wolemba nkhani ino, mbali imene imafuna mzere wochindikala pansi pake ndi ya ulendo wobwerera. Anthu amaganiza kuti kubwerera n'kungotembenuza njira ya m'mawa, koma si choncho. Pokwerera madzulo si pamene anatsikira m'mawa, ndi tsidya lina la msewu wa mbali ziwiri, wodzaza galimoto zothamanga. M'tauni namo, malo amene minibasi ya ku Chirimba inamutsitsa sakhala kwenikweni malo amene zobwerera zimapakirira, ndiye amalume ayenera kukaima pamalopo ndi mwanayo, kumuonetsa ndi chala, ndi kulemba chimene chili pafupi. Ndipo msampha waukulu kuposa yonse uli pano: kuchoka m'tauni kupita ku Kameza kuli misewu iwiri. Wina umadutsa ku Chirimba, wina umadutsa ku Nyambadwe ndi ku Magalasi, ndipo imakakumana pa raundabauti ya Kameza. Minibasi ya ku Chileka kapena ku Lunzu ikhoza kudzera uliwonse. M'mawa vutoli palibe, chifukwa iliyonse yoima pa Chirimba yoloza kumzinda ikupita m'tauni basi. Madzulo mwana akangomva "Kameza, Lunzu!" n'kukwera osafunsa, akhoza kupezeka pa Kameza dzuwa likulowa, kwawo atakulambalala. Mzere umodzi wokha m'kalata umatseka dzenje limeneli: "Pobwera afunse kuti, yodzera Chirimba kapena Magalasi? Akati Magalasi, asakwere."

Palinso chizolowezi chimene okwera minibasi amachitcha kugulitsidwa. Galimoto ikatsala ndi anthu ochepa, dalaivala amaima panjira, kuwasamutsira m'minibasi ina, iye n'kubwerera kukasaka ena. Wamkulu amadziwa kuti ayenera kuonetsetsa makondakitala awiriwo apatsana ndalama, kuti asalipitsidwe kawiri. Mwana sadziwa. Kalata imuuze kuti zikatero asachite mantha, atsatane ndi okwera anzake, ndipo asanakhale pansi anene kuti, "Ndalipira kale uko."

Za mtengo, amalume alembe ndalama imene alipira tsiku limene anayesera njira, pambali pake alembe deti. Mitengo ya minibasi sikhazikika. Imakwera mafuta akakwera, monga zinachitikira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imakweranso mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, ndipo ngakhale tsiku wamba mtengo wa madzulo, anthu akuweruka kapena mvula ikugwa, sufanana ndi wa masana. Gogo amene wauzidwa chiwerengero chimodzi chopanda deti adzapitiriza kupereka ndalama yomweyo miyezi itatu, mwana n'kumayenda pansi gawo lina osanena, poopa kuoneka ngati akuba. Maulendo ndi anayi pa tsiku, awiri popita, awiri pobwera, masiku asanu pa sabata, ndiye kuti maulendo 20. Chiwerengero chimenechi chilembedwe poyera kuti banja ligwirizane amene azipereka. Ndalama zikhale zosinthasintha, chifukwa kupatsa mwana K5,000 yathunthu m'mamawa n'kumuika pa mkangano wa chenje umene sangaupambane. Kondakitala amati "ndikupatsa kutsogolo," siteji imakwana, mwana amatsika, minibasi yapita. Ya pobwera isungidwe payokha, ndipo pakhalenso ina ya ulendo umodzi wapadera yobisidwa m'kathumba ka m'kati mwa chikwama, yosagulira zitumbuwa, yodikira tsiku lopitirira siteji.

Popeza kalatayi ikupita kwa agogo, iyenera kuwapatsa chimene iwo angachite ali pakhomo. Chachikulu ndi maola. Ngati belu limalira 7:30, ndipo amalume anapeza kuti kuyenda pansi, kudikira, minibasi ziwiri ndi kuyendanso pansi zikutenga ola ndi mphindi 15, alembe kuti mwana azituluka pageti 6 koloko, kuti patsale mphindi 15 za tsiku lovuta. Sukulu zina za m'tauni zimaphunzitsa magulu awiri, la m'mawa ndi la masana, ndiye ndi bwino kufunsiratu gulu limene mwana ali, chifukwa wa masana amaweruka nthawi imene minibasi zimavuta kwambiri. Mu Juni ndi Julayi, nyengo ya chiperoni, dzuwa ku Blantyre limalowa isanakwane 5:30, ndipo tinjira ta m'komboni tilibe magetsi. Mwana woweruka mochedwa m'miyezi imeneyi amafunika womuchingamira pa siteji, ndipo kalata itchule kuti ndani.

Kenako ilembe ola lomaliza. "Amayi, masiku onse azifika isanakwane 4 koloko. Ikakwana 5 koloko asanafike, musadikire mdima, mundiimbire. Ndikapanda kuyankha, imbirani aphunzitsi a kalasi yake pa nambala ili pansipa." Popanda ola lotere, gogo amachita chimodzi mwa ziwiri: amadwala mtima tsiku lililonse mwana akachedwa ndi mphindi 10, kapena amadzitonthoza kuti ali m'njira mpaka usiku. Manambala omwewo alembedwenso m'kati mwa chikuto cha kope la mwana, ndipo imodzi ailoweze pamtima, chifukwa sukulu zambiri sizilola ophunzira kukhala ndi foni, ndipo chikwama chikhoza kutayika. Akasochera apemphe foni kwa mayi wogulitsa pa benchi, kwa wapolisi wa pamsewu, kapena m'sitolo, osati kwa munthu amene wamutsatira n'kumulonjeza kuti amuperekeza. Galimoto ya munthu wosamudziwa asakwere, ngakhale mvula ikugwa, ngakhale mwini wake atchule dzina la sukulu, pakuti dzinalo aliyense amaliwerenga pa baji ya yunifolomu. Nambala yaulere ya 116, yothandiza ana amene akuzunzidwa kapena ali pa chiopsezo, nayo ikhale pa pepalapo.

Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi, kutsogolo ulendo wopita, kuseri wobwerera, zilembo zikuluzikulu zoti maso a gogo aone popanda mandala. Ilembedwe m'Chichewa chimene amalankhula pakhomopo. Kamapu kojambula pamanja kamathandiza pa gawo lapansi lokha, kusonyeza geti, kiyosiki, chigayo ndi tala. Uthenga wa pa foni ndi wabwino kusungira, koma foni imatha moto magetsi akazima, ndipo uthengawo umakwiririka pansi pa mauthenga a maliro ndi a kumpingo. Pepala lomatidwa kuseri kwa chitseko limaonedwa ndi aliyense, ngakhale mnansi amene waitanidwa mwadzidzidzi kuti akathandize kusaka mwana.

Pomaliza kalatayo iyesedwe. Sukulu isanatsegulidwe, mtsikanayo atenge pepala m'manja, atsogole, amalume azitsatira m'mbuyo osayankhula. Iye ndiye afunse kondakitala, iye ndiye alipire, iye ndiye akuwe kuti wotsika. Paliponse pamene waima n'kucheuka kuyang'ana amalume ake, pamenepo kalata yaperewera, ndipo pakonzedwe tsiku lomwelo. Akabwerako, awerengere agogo ake kalata yonse mokweza, kuti nawonso afunse zimene sizikumveka.

Inu amene mwana wanu, mdzukulu kapena mphwanu akuyamba sukulu yatsopano teremu ikubwerayi, patulani m'mawa umodzi wa m'kati mwa sabata, muyende naye njirayo kupita ndi kubwerera, ndipo mulembe pepalalo musanagone, mudakakumbukira mbali imene chigayo chinali.